Chilembo chimodzi chomwe chimapinda selo la magazi

Mu 1956, mu mzinda wa Cambridge ku England, wasayansi Vernon Ingram anatenga himogulobini ya munthu wodwala sikoselo ndi ya munthu wosadwala, naiduladula tizidutswa, n'kuyamba kufananitsa. Himogulobini ndi puloteni yofiira ija yomwe imanyamula mpweya wa okosijeni m'magazi. Tizidutswa tonse tinafanana kupatula kamodzi, ndipo chaka chotsatira anapeza chomwe chinali chosiyana m'kachidutswako. Pa unyolo wa ma amino asidi 146, pamalo amodzi okha panakhala wina yemwe si mwini malowo. Pamene panayenera kukhala asidi wa gulutamiki panali valini.

Ingram analibe njira yoonera chomwe chinachitika mu DNA. Lero wophunzira wa ku sekondale angathe kuchipeza ndi pensulo, pepala ndi tchati chimodzi chomwe chimakwana pa theka la tsamba. Ntchitoyo ili ndi masitepe awiri. Loyamba ndi kukopera uthenga wa mu DNA kupita mu RNA, zomwe mabuku amazitcha tiransikiripishoni. Lachiwiri ndi kumasulira RNA ija kuti ikhale mndandanda wa ma amino asidi, zomwe amazitcha tiransileshoni. Masitepewa ndi osavuta, koma ali ndi misampha, ndipo jini yomwe imapanga mbali ya himogulobini ili nayo pafupifupi yonse m'zilembo zake zoyambirira.

Jiniyo imalembedwa kuti HBB, ndipo imapezeka pa kuromosomu 11. Imapanga unyolo wotchedwa beta. Himogulobini ya munthu wamkulu imapangidwa ndi maunyolo anayi, awiri a alufa ndi awiri a beta, choncho chilichonse chosintha mu HBB chimakafika mu selo lofiira lililonse.

DNA ili ndi zilembo zinayi zokha: A, T, G ndi C. Ili ndi zingwe ziwiri zoyang'anizana, ndipo zilembo zimagwirana mwa lamulo losasintha: A amagwirana ndi T, G amagwirana ndi C. Chingwe chilichonse chili ndi mutu ndi mchira, zomwe zimalembedwa 5' ndi 3', ndipo zingwe ziwirizi zimagona mosemphana, mutu wa china kuli mchira wa chinzake. Manambalawa si zokongoletsera. Ambiri omwe amalephera funsoli amalephera chifukwa chowanyalanyaza.

Pa zingwe ziwirizi, selo limakopera pa chimodzi chokha. Nachi chingwe chokoperapo cha HBB, kuyambira pomwe uthenga wa puloteni umayambira:

```
3'-TAC CAC GTA GAC TGA GGA CTC CTC TTC-5'
```

Mipata ili pakati pa zilembo zitatuzitatu yaikidwa kuti maso asatope. Mu DNA yeniyeni mulibe mpata, mulibenso mpumiro.

Mkati mwa nyukiliyasi, enzaimu yotchedwa RNA polimeresi imatsegula zingwe ziwirizo ndi kuyenda pa chingwe chokoperapo kuchokera ku 3' kulowera ku 5'. Pa chilembo chilichonse chomwe yapeza, imaika chinzake choyenera. Lamulo ndi lomwe lija, koma pali kusiyana kumodzi: mu RNA mulibe T, m'malo mwake muli U. Ndiye T wa mu DNA amabereka A, G amabereka C, C amabereka G, koma A amabereka U. Wolemba ndi pensulo amachita chimodzimodzi. TAC amapereka AUG. CAC amapereka GUG. GTA amapereka CAU. Akafika kumapeto, amakhala ndi RNA yonyamula uthenga, yomwe imalembedwa mRNA:

```
5'-AUG GUG CAU CUG ACU CCU GAG GAG AAG-3'
```

Pano pali njira yodzichongera yosafuna mphunzitsi. Popeza mRNA yakopedwa kuchokera ku chingwe chimodzi, iyenera kufanana ndendende ndi chingwe chinzake chija chomwe sichinakopedwe, kungosintha T kukhala U. Chingwe chinzakecho mu HBB chimayamba ndi ATG GTG CAT CTG. Wina akachiika pambali pa AUG GUG CAU CUG aona kuti ndi zofanana. N'chifukwa chake akatswiri akamasunga majini m'makompyuta amalemba chingwe chosakopedwacho, pakuti ndicho chimawerengeka ngati mRNA.

Msampha woyamba uli pomwepo. Munthu akapatsidwa chingwe choyamba ndi ATG, n'kuchiyesa chokoperapo, adzatulutsa UAC CAC GUA, ndipo chilichonse chotsatira chidzakhala cholakwika ngakhale atawerenga tchati mosamala bwanji. Chizindikiro chake n'chakuti AUG sakuoneka koyambirira. Msampha wina ndi wa mbali yoyambira. Wofunsa wochenjera angalembe chingwe chokoperapo chomwe chija kuyambira ku 5', motere:

```
5'-CTT CTC CTC AGG AGT CAG ATG CAC CAT-3'
```

Ndi DNA yomweyo, yangotembenuzidwa. Woiwerenga ayenera kuyambira kudzanja lamanja, kumene kuli 3', n'kumabwerera chilembo chimodzichimodzi: T, A, C, kenako C, A, C. Wopupuluma amaona ATG ali chapakati, n'kukondwera kuti wapeza poyambira, pomwe ATG ameneyo ali pa chingwe cholakwika ndipo sakutanthauza kanthu.

mRNA ikatuluka mu nyukiliyasi imakumana ndi raibosomu, makina aang'ono omwe amalumikiza ma amino asidi. Raibosomu imawerenga zilembo zitatuzitatu, ndipo gulu lililonse la zilembo zitatu limatchedwa kodoni. Chifukwa cha nambala ya zitatu ndi masamu chabe. Ma amino asidi omwe thupi limamangira mapuloteni alipo 20. Zilembo zinayi zikamawerengedwa ziwiriziwiri zimapanga magulu 16 okha, omwe ndi osakwanira. Zikamawerengedwa zitatuzitatu zimapanga 64. Mu 1961 Francis Crick, Sydney Brenner ndi anzawo anasonyeza kuti uthengawo umawerengedwadi m'magulu a zilembo zitatu. Chaka chomwecho ku America, Marshall Nirenberg ndi Heinrich Matthaei anapanga RNA ya ma U okhaokha, naiika m'madzi a maselo a bakiteriya, ndipo munatuluka unyolo wa amino asidi mmodzi yekha wobwerezabwereza, fenilalanini. Kodoni yoyamba, UUU, inadziwika choncho. Pofika mu 1966 makodoni onse 64 anali atadziwika, ndipo mu 1968 Nirenberg, Har Gobind Khorana ndi Robert Holley analandira mphoto ya Nobel.

Tchati chomwe chili m'mabuku lero ndi chipatso cha zaka zisanu zimenezo. Pa makodoni 64, okwana 61 amaitana amino asidi, ndipo atatu, UAA, UAG ndi UGA, amauza raibosomu kuti ileke. AUG ali ndi ntchito ziwiri: ndiye poyambira, komanso amaitana methiyonini.

Kawerengedwe ka tchati ndi kotere. Chilembo choyamba cha kodoni chimafunidwa kumanzere, ndipo chimasankha mzere wopingasa. Chachiwiri chimafunidwa pamwamba, ndipo chimasankha mzere wotsika. Pomwe mizere iwiriyo yakumana pali bokosi la makodoni anayi, ndipo chilembo chachitatu, chomwe chimalembedwa kumanja, chimasankha imodzi mwa inayiyo. Pa GUG, wowerenga amapita pa mzere wa G, n'kuyenda mpaka pansi pa U. M'bokosimo muli GUU, GUC, GUA ndi GUG, ndipo onse anayi ndi valini, yemwe pa tchati amalembedwa Val. Apa chilembo chachitatu sichinasinthe kanthu. Koma pa CAU zinthu n'zosiyana. Bokosi la C ndi A ndi logawika pakati: CAU ndi CAC ndi histidini, pamene CAA ndi CAG ndi gulutamini. Wothamanga ndi maso amagwa m'mabokosi ogawika ngati amenewa.

Otsalawo amayenda msanga. CUG ndi lusini, ACU ndi thireonini, CCU ndi purolini. Kenako pamabwera GAG kawiri, ndipo bokosi lake nalonso ndi logawika: GAU ndi GAC ndi asidi wa asipatiki, GAA ndi GAG ndi asidi wa gulutamiki. Pomaliza AAG ndi laisini. Yankho lonse, m'zidule za pa tchati, ndi ili:

```
Met-Val-His-Leu-Thr-Pro-Glu-Glu-Lys
```

Amenewa ndiwo ma amino asidi oyambirira a unyolo wa beta womwe uli m'magazi a wowerenga nkhani ino.

Tchaticho chinalembedwera mRNA basi, ndipo amene waiwala zimenezi HBB imamulanga mwamsanga. Gulu lachisanu pa chingwe chokoperapo ndi TGA. Munthu akalumpha sitepe yokopera, n'kungosintha T kukhala U, adzapeza UGA pa tchati ndi kulengeza kuti puloteni yathera pomwepo. Chonsecho kodoni yeniyeni pamalopo ndi ACU, thireonini. Chimodzimodzi ndi tRNA, timamolekyu tomwe timabweretsa ma amino asidi ku raibosomu. Kalikonse kali ndi zilembo zitatu zogwirana ndi kodoni, zotchedwa antikodoni. Yogwirana ndi GAG imawerengeka CUC, ndipo amene angaipititse pa tchati adzapeza lusini, yemwe alibe nawo mbali pamalopo.

Msampha waukulu koposa ndi poyambira kuwerenga. Popeza mu mRNA mulibe mipata, malire a makodoni amadalira chilembo chomwe raibosomu yayambira. Chiganizo chakuti ANA AKO ALI UKO chimamveka bwino, koma chilembo choyamba chikachotsedwa n'kugawanso zitatuzitatu, pamatuluka NAA KOA LIU KO. Zomwezo zimachitika ndi mRNA ya HBB. Wina akadumpha A woyamba uja, amapeza izi:

```
UGG UGC AUC UGA
Trp-Cys-Ile-(leka)
```

Ma amino asidi atatu achilendo, kenako kodoni yoletsa. Ichi ndi chizindikiro chodalirika kwa aliyense wochita masamuwa: kodoni yoletsa ikatulukira msanga chonchi, nthawi zambiri ndiye kuti malire aphonyedwa. Poti makodoni atatu mwa 64 ndi oletsa, kuwerenga kosokonekera sikupita patali kusanagunde imodzi. Ndipo vutoli si la papepala lokha. Chilembo chimodzi kapena ziwiri zikasowa kapena kuwonjezeka mu jini yeniyeni, raibosomu imasokonekera chimodzimodzi, ndipo mitundu ina ya matenda ochepetsa magazi otchedwa thalasemiya imayamba motero.

Tsopano sikoselo. Pa chingwe chokoperapo, gulu lachisanu ndi chiwiri limawerengeka CTC. Mwa munthu yemwe ali ndi jini ya sikoselo, T wapakatiyo wasanduka A, ndipo gululo ndi CAC. Pokopera, CAC amapereka GUG m'malo mwa GAG. Pa tchati, mzere ndi womwewo wa G, koma wowerenga wachoka pansi pa A n'kupita pansi pa U.

```
GAG -> Glu
GUG -> Val
```

Ndi zomwe Ingram anapeza zija. Wowerenga watcheru afunsa chifukwa chomwe mabuku a zachipatala amati kusinthaku kuli pa malo a nambala 6, pomwe pa mndandanda uja Glu woyamba ali pa nambala 7. Yankho ndi methiyonini. Unyolo ukangoyamba kupangidwa, enzaimu ina imamudula n'kumuchotsa, ndipo valini wotsatira ndiye amakhala nambala 1. Madokotala anazolowera kuwerenga kuyambira pamenepo. Tchati sichinena za kudulaku, ndipo n'chimodzi mwa zinthu zomwe pensulo payokha singaulule.

Kusinthana kwa ma amino asidi awiriwa kumavuta chifukwa makhalidwe awo ndi osiyana kwambiri. Asidi wa gulutamiki ali ndi mphamvu yamagetsi ndipo amagwirizana ndi madzi, choncho amakhala bwino kunja kwa puloteni. Valini alibe mphamvu yamagetsi ndipo amathawa madzi. Himogulobini ikapereka okosijeni wake ku ziwalo imasintha pang'ono kaumbidwe, ndipo pamaoneka kadzenje komwe valini wa himogulobini yoyandikana nayo amalowamo. Ina imamatirira ku inzake, inzakeyo ku ina, mpaka zimapanga timitengo tatitali touma mkati mwa selo. Selo lomwe linali lobulungira ndi lofewa limapindika n'kusongoka mbali zonse ziwiri. Maselo otere amatsekereza mitsempha ing'onoing'ono, ndipo apo ndi pomwe pamachokera ululu woopsa wa m'mafupa ndi m'chifuwa womwe mabanja a odwala amaudziwa bwino. Amafanso msanga, pa masiku 10 mpaka 20, pamene selo lofiira labwinobwino limakhala masiku pafupifupi 120. Magazi amachepa chifukwa cha zimenezo.

Kutayika kwa mphamvu yamagetsi kuja ndi komwenso kumathandiza kuyeza matendawa. Himogulobini ikaikidwa pamalo podutsa magetsi, ya sikoselo imayenda mosiyana ndi yabwinobwino. Linus Pauling ndi anzake anaona zimenezi mu 1949, ndipo njirayo ikugwirabe ntchito m'malabotale a zipatala.

Munthu ali ndi makope awiri a HBB, lina la kwa mayi, lina la kwa bambo. Yemwe ali ndi kope limodzi losinthika nthawi zambiri sadwala, ndipo mu 1954 Anthony Allison, atafufuza kum'mawa kwa Africa, anasonyeza kuti anthu otere amatetezeka ndithu ku malungo aakulu. N'chifukwa chake jiniyi ndi yofala kumene malungo akhala akuvuta kuyambira kale, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Mozambique. Koma bambo ndi mayi onse akakhala ndi kope limodzilimodzi, pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi mwa inayi woti mwana alandira makope onse awiri, n'kudwala. Si matsenga, ndipo si mlandu wa mayi yekha monga amanenera ena kumudzi.

Kodoni yomweyi ya GAG imaonetsa bwino kuti kukula kwa vuto kumadalira chilembo chomwe chasintha. Chikasintha choyamba, GAG n'kukhala AAG, tchati chimapereka laisini. Imeneyi ndi himogulobini C, yofala kumadzulo kwa Africa, makamaka ku Burkina Faso ndi kumpoto kwa Ghana, ndipo payokha imadwalitsa pang'ono poyerekeza ndi sikoselo. Chikasintha chachitatu, GAG n'kukhala GAA, palibe chomwe chimachitika ku puloteni, pakuti onse awiri ndi Glu. Kusintha kwachete kotere kulipodi mu HBB: pa kodoni ya histidini ija, anthu ena ali ndi CAT, ena CAC, ndipo magazi awo sasiyana. Patsogolo pa jiniyi, pa kodoni ya nambala 39, C akasanduka T, CAG wa gulutamini amakhala UAG mu mRNA. Raibosomu imaima unyolo usanafike ndi theka lomwe, ndipo kope limenelo silitulutsa beta konse. Mtundu uwu wa thalasemiya ndi wofala pa chilumba cha Sardinia ku Italy.

Kuchuluka kwa makodoni kuposa ma amino asidi kuli ndi zotsatira zina zomwe ambiri saziganizira. Njirayi imayenda mbali imodzi. Kuchoka pa DNA kupita ku puloteni yankho ndi limodzi, koma kubwerera sikutheka motsimikiza. Lusini, serini ndi ajinini aliyense ali ndi makodoni asanu ndi imodzi. Methiyonini ndi tiriputofani okha ndiwo ali ndi kodoni imodziimodzi. Munthu akapatsidwa Val-His-Leu n'kuuzidwa kuti apeze DNA yake, ali ndi makodoni anayi a valini, awiri a histidini ndi asanu ndi imodzi a lusini, zomwe zikupereka mayankho 48, onse olondola pa tchati.

Kunena chilungamo, mafunso a m'kalasi amabisa zambiri. Amapereka chingwe choyamba ndi TAC, ngati kuti jini imayambira pomwepo, pomwe mRNA yeniyeni ya HBB ili ndi zilembo pafupifupi 50 AUG asanafike, ndipo raibosomu imazidutsa osazimasulira. Chachikulu kuposa apo ndi ma intironi, zigawo za jini zomwe zimakopedwa koma n'kudulidwa mRNA isanatuluke mu nyukiliyasi. HBB ili ndi awiri. Woyamba ali ndi zilembo 130, ndipo amalowa pakati penipeni pa kodoni ya nambala 30, kuigawa pawiri. Wachiwiri ali ndi zilembo 850. Amene angatenge jini yonse monga ilili pa kuromosomu n'kumaiwerenga zitatuzitatu adzayenda bwino mpaka atalowa mu intironi yoyamba ija, kenako posakhalitsa adzayamba kulemba ma amino asidi omwe mulibe m'magazi a munthu aliyense. Zigawo zitatu zotsala zikalumikizidwa, gawo lomasuliridwa limakhala ndi zilembo 444. Kugawa ndi 3 kumapereka makodoni 148: imodzi ya methiyonini wodulidwa uja, 146 ya unyolo, ndi imodzi yoletsa. Masamu amenewa ndi njira ina yodzichongera, chifukwa chiwerengero chikakana kugawika ndi 3 ndiye kuti chilembo china chatayika panjira.

Tchatinso chili ndi malire ake. Chimagwira ntchito pa munthu, chimanga, udzudzu ndi bakiteriya, ndipo n'chifukwa chake bakiteriya akapatsidwa uthenga wa insulini ya munthu amatha kupanga insuliniyo. Koma mu maitokondiriya, tizigawo ta selo tomwe tili ndi DNA yakeyake, UGA saletsa koma amaitana tiriputofani, ndipo AUA amaitana methiyonini. Wofufuza majini a kumeneko amagwiritsa ntchito tchati china.

Wofuna kudziyesa angatenge mapeto a gawo lomasuliridwa la HBB. Chingwe chokoperapo chake ndi ichi:

```
3'-CGG GTG TTC ATA GTG ATT-5'
```

Akachikopera bwino, mRNA iyamba ndi GCC ndipo ithera pa UAA, ndiye ma amino asidi atuluke asanu, osati asanu ndi mmodzi, chifukwa kodoni yoletsa siitana aliyense. Womaliza ndi histidini, wa nambala 146 pa unyolo wa beta.